Manambala awiri amene amalosera masewero a NBA

Munthu akatsegula tsamba la kubetcha pa basiketibo ya ku America ya NBA, amapeza manambala awiri pambali pa matimu. Tiyerekeze kuti Denver Nuggets ikulandira Minnesota Timberwolves, ndipo palembedwa Denver -6.5 komanso `Total` 228.5.

Nambala yoyamba, imene amailemba kuti `Spread`, ndi mpata wa mapointi. Wosankha Denver amapambana ngati timuyo yawina ndi mapointi 7 kapena kuposa. Ikawina ndi 5 yokha, osewera amasangalala, koma ndalama yake yapita, ndipo wadya ndi amene anasankha Minnesota +6.5. Nambala yachiwiri ndi mapointi a matimu onse awiri kuphatikiza: `Over` ndi 229 kukwera, `Under` ndi 228 kutsika. Theka lija analiikapo dala kuti pasakhale kufanana, ndipo nthawi zambiri mphindi zisanu zoonjezera zimawerengedwanso.

Manambala awiriwa amakoma kuwawerenga pamodzi. Phatikizani 228.5 ndi 6.5, mugawe pawiri, mupeza 117.5. Amenewo ndi mapointi amene akuyembekezeka kwa Denver, ndipo otsala, 111, ndi a Minnesota. Funso lanzeru tsopano si lakuti awine ndani, koma ngati 117 ndi 111 zikugwirizana ndi kaseweredwe ka matimuwa.

Apa ndi pamene liwiro limalowera, ndipo ambiri amalimva molakwika. Liwiro si kuthamanga kwa miyendo. Ndi kuchuluka kwa maulendo amene timu imakhala ndi mpira m'mphindi 48 za masewero. Lamulo limapatsa timu masekondi 24 kuti iponye. Ina imaponya pakangotha masekondi asanu ndi atatu, ina imapatsirana mpira mpaka wotchi itatsala pang'ono kulira. Popeza mpira umasinthana manja, matimu onse awiri amapeza maulendo pafupifupi ofanana, choncho timu yofulumira imachulukitsiranso mdani wake mwayi wogoletsa.

Masiku ano mu NBA timu imakhala ndi maulendo pafupifupi 100 pa masewero, ndipo ulendo uliwonse umabala mapointi pafupifupi 1.15. Ndiye kuti 115 mbali iliyonse, 230 pamodzi. Maulendo akatsika kufika pa 96, mapointi onse amagwera pa 221. Akakwera kufika pa 104, amafika pa 239. Maulendo anayi okha, amene diso la woonera silingawazindikire n'komwe, amasuntha nambala ndi mapointi 9. N'chifukwa chake kuona kuti timu inagoletsa 130 dzana sikuthandiza kwenikweni. Mwina inasewera mothamanga, mwina mipira ya mapointi atatu inangolowa usiku umenewo, ndipo mwayi woterowo subwera kawirikawiri. Liwiro ndi khalidwe la timu, silisintha msanga. Indiana Pacers ya 2023-24 inkagoletsa mapointi oposa 123 pa masewero chifukwa inali ndi zonse ziwiri, liwiro ndi kuponya kolondola.

Kuvulala kumagwedeza manambala msanga kuposa china chilichonse, chifukwa m'bwalo mumakhala anthu asanu okha mbali iliyonse. NBA imalamula matimu kulengeza ovulala, ndi mawu monga `Probable`, `Questionable`, `Doubtful` ndi `Out`. Nikola Jokić, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2021, 2022 ndi 2024, atalembedwa `Out`, ka -6.5 kaja kangathe kutsika ndi mapointi angapo m'mphindi zochepa. Akakhala pa `Questionable`, nambala imaima pakati, chifukwa oikonza akuganizira zonse ziwiri, kusewera ndi kusasewera kwake.

Pa `Total` m'pofunika kufatsa. Wogoletsa akasowa, nambala imatsika. Koma wotchinga ngati Rudy Gobert wa Minnesota akasowa, njira yopita ku nkhata imatseguka, ndipo nambala ingakwere. Muyang'anenso amene walowa m'malo: ngati ndi mnyamata wokonda kuthamangitsa mpira, maulendo amachuluka ngakhale luso latsika.

Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu ndi kuthamangira nkhani ya kuvulala ngati kuti waimva wekha. Masewero oyamba 7:30 madzulo ku New York amakhala cha m'ma 1:30 kapena 2:30 usiku kuno kwathu, ndipo uthenga womaliza umatuluka ambiri tili mtulo. Yerekezani nambala yotsegulira ndi imene ilipo. Ngati yasuntha kale ndi mapointi 5, nkhaniyo yalowa kale mu mtengo. Mtengowo nawonso uli ndi msonkho wake: mbali zonse ziwiri zimalipira pafupifupi 1.91, osati 2.00, choncho munthu amafunika kulondola maulendo oposa 52 pa 100 alionse kuti angobweza ndalama yake.