Kufinya chithunzi: chopepuka kapena chooneka bwino?

Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi chili ndi timadontho 12 miliyoni, ndipo chikanasungidwa osachifinya chikanadya malo okwana 36 MB. Koma foni imachisunga ngati JPEG ya 3 kapena 4 MB basi. Izi zimatheka chifukwa JPEG, njira imene inakhazikitsidwa mu 1992, imataya dala zinthu zina zimene diso silizindikira msanga. Zotayidwazo sizibwereranso, n'chifukwa chake kufinya kumafuna kusankha mosamala.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene akufuna kuonetsa katundu wake pa intaneti. Wajambula chitenje chofiira cha mizere yakuda ing'onoing'ono, atachiyanika pakhoma loyera, pambali pake pali kapepala ka mtengo. Wachepetsa chithunzicho kufika pa mapikiselo 1600 ndi 1200, kenako wachisunga kawiri. Choyamba, pomwe palembedwa Quality waikapo 85, ndipo fayilo yatuluka ya 420 KB. Chachiwiri waikapo 60, yatuluka ya 190 KB. Atenge chiti?

Nambala ya 85 kapena 60 isamusokoneze. Sikutanthauza kuti magawo 60 pa 100 a chithunzi ndiwo atsala, ndipo 60 ya pulogalamu ina ingasiyane ndi 60 ya inzake. Woweruza ndi diso. Atsegule zithunzi ziwirizo moyandikana, azikulitse mpaka 100%, ndipo ayang'ane malo amodzimodzi pa zonse ziwiri.

Ayambire pakhoma. JPEG imagawa chithunzi m'timabwalo ta mapikiselo 8 mbali iliyonse, n'kufinya kabwalo kalikonse pakokha. Ikafinya kwambiri, timabwaloto sitilumikizananso bwino, ndipo pamalo osalala ngati khoma kapena thambo pamaoneka timakona ngati mkeka wolukidwa. Kenako apite pa kapepala ka mtengo. M'mphepete mwa zilembo ndi manambala mumatuluka timabanga totuwa, chifukwa njirayi imavutika pamene chakuda chakumana mwadzidzidzi ndi choyera. Ngati 3 wayamba kufanana ndi 8, fayiloyo ndi yosayenera, kaya ipepuke bwanji.

Koma pofunika kukhalitsa ndi pa chitenje penipeni. Diso la munthu limazindikira kuwala ndi mdima kuposa mmene limazindikirira mitundu, ndiye mapulogalamu ambiri amapezerapo mwayi: amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse, koma mtundu amasunga umodzi pa timadontho tinayi. Pa chithunzi cha munda wa chimanga palibe angadziwe. Pa nsalu yofiira ya mizere yopyapyala zimaonekera, chifukwa kufiirako kumalowerera m'mizere ndipo nsalu yatsopano imaoneka ngati yosuluka. Timizere ta ulusi, timene wogula amaonera ngati nsaluyo ndi yolimba, ndito timayamba kufafanizika. Kwa ine, khoma litaonongeka pang'ono palibe vuto, poti palibe amene akugula khoma. Chitenje chikaonongeka, chithunzicho chataya ntchito yake.

Akatha kufufuza motero, abwezere zithunzizo pa kukula kumene ogula adzazionere, makamaka pafoni. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumadandaula ndi zilema zooneka pokhapokha munthu akakulitsa kanayi. Chilema chimene chasowa pa sikirini ya foni asachiwerengere, pokhapokha ngati akudziwa kuti ogula amakonda kukulitsa kuti aone ulusi, ndipo pa nsalu amaterodi.

Tsopano masamu. Kusiyana kwa mafayilo awiriwa ndi 230 KB. Ngati akutumiza chithunzi chimodzi kwa wogula mmodzi, phindu lake ndi lochepa zedi, ndipo atenge cha 85 mosakayika. Koma ngati zithunzi 40 zikutseguka pamodzi, za 85 zikwana 16.8 MB pamene za 60 zikwana 7.6 MB. Wogula wa bandulo yochepa, pamalo pamene netiweki imavuta, akhoza kutopa n'kuchoka zisanatseguke zonse. Apa ndingamulangize mayiyu kuti pa zithunzi zambirizo aike zopepuka, ndipo cha 85 chizituluka munthu akadina chitenje chimene chamusangalatsa.

Nthawi zina zonse ziwiri sizikhutiritsa: china n'cholemera, china n'choonongeka. Zikatero ndi bwino kuchepetsa kukula kusiyana n'kupitiriza kutsitsa Quality. Kuchoka pa 1600 ndi 1200 kufika pa 1200 ndi 900 kumachotsa pafupifupi theka la mapikiselo, fayilo n'kupepuka mizere idakali yooneka bwino. Poyesa zimenezi aziyambira pa chithunzi choyambirira chochokera mu kamera, osati chofinyidwa kale kapena cholandira pa WhatsApp, yomwe nayonso imafinya zithunzi potumiza. Kufinya chofinyidwa kale kumaunjika zilema zatsopano pamwamba pa zakale, ndipo kuika 95 pa fayilo imene inasungidwa pa 60 kumangoikulitsa popanda kubweza ulusi ndi umodzi womwe.