Sepsisi: kuizindikira ndi kuchita nayo mu ola loyamba

Sepsisi ndi vuto limene limabwera pamene thupi, polimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, liyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Gwero lake likhoza kukhala chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, bala lomwe latukusira kapena chiberekero cha mayi amene wangochira kumene. Tizilombo tikafalikira, mitsempha ya magazi imatakasuka n'kuyamba kuchucha madzi, BP imatsika, ndipo impso, ubongo ndi mapapo zimasowa magazi okwanira. Tanthauzo limene achipatala amatsatira masiku ano linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo limatsindika mfundo imodzi: chimene chimasiyanitsa sepsisi ndi matenda wamba ndi kufooka kwa ziwalo. Ophunzira unamwino a chaka chomaliza amaphunzira zimenezi potsatira nkhani ya wodwala mmodzi, monga yachitsanzo ili m'munsiyi.

Bambo wa zaka 45, wolemera makilogalamu 60, wafika pa chipatala cha boma atanyamulidwa ndi mkazi wake ndi mphwake. Wakhala akutsokomola ndi kutentha thupi kwa masiku anayi. Ali ndi HIV ndipo anasiya kumwa ma ARV miyezi ingapo yapitayo. Namwino atamufunsa dzina, wayankha, koma atamufunsa kumene ali, watchula kumunda. Mkazi wake akuti: "Bambowa sanakodze chiyambire dzulo madzulo, ndipo zimene akuyankhulazi si zawo."

Mawu a gadiyaniyu akutchula kale ziwalo ziwiri, impso ndi ubongo. Namwino akuyeza. Thupi latentha kufika madigiri 38.9, mtima ukugunda ka 124 pa mphindi, BP ndi 88/52, ndipo kachipangizo ka pachala kakuonetsa okosijeni wa 88 peresenti. Kupuma akuwerenga kwa mphindi yathunthu akuyang'ana chifuwa, ndipo kwakwana ka 28. Muyeso umenewu ndi umene kawirikawiri umalembedwa mongoyerekeza mu wodi mukadzaza, chonsecho kupuma mofulumira kumayamba msanga BP isanagwe.

Pali muyeso wachidule wotchedwa qSOFA umene umayang'ana zinthu zitatu: kupuma ka 22 kapena kuposerapo pa mphindi, nambala yapamwamba ya BP kukhala 100 kapena kutsikirapo, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri mwa zitatuzi zikapezeka, wodwalayo ali pangozi. Bamboyu ali nazo zonse. Komabe muyesowu umaphonya odwala ena, n'chifukwa chake malangizo a padziko lonse a 2021 amati usagwiritsidwe ntchito wokha. Kutentha thupi nakonso n'kosadalirika, pakuti okalamba ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika akhoza kukhala ndi sepsisi thupi lili lozizira.

Apa ola loyamba layamba kuwerengedwa. Namwino akuitana dokotala kapena kiliniko nthawi yomweyo, ndipo akupereka manambala enieni pamodzi ndi mawu oti akukayikira sepsisi. Poyembekezera, akukweza wodwala kumutu, kumuika pa okosijeni ndi kulowetsa makanula awiri aakulu. Akuyeza shuga pachala, chifukwa shuga wotsika amasokonezanso mutu ndipo amakonzeka m'mphindi zochepa. Akuyezanso malungo, popeza malungo aakulu amafanana kwambiri ndi sepsisi yobwera ndi mabakiteriya. Malungo akapezeka, wodwala amalandira atesuneti wa mumtsempha, koma maantibayotiki saimitsidwa, pakuti matenda awiriwa amatha kubwera pamodzi.

Kumene labotale imatha kumeretsa tizilombo ta m'magazi, magazi amatengedwa wodwala asanalandire maantibayotiki, kuti mankhwala asabise kachilombo kamene kakufunidwa. Koma botolo likasowa, mankhwala sadikira. Kwa wodwala amene BP yagwa, maantibayotiki ayenera kulowa mumtsempha ola lisanathe. M'zipatala za ku Malawi nthawi zambiri amayambira pa sefitiriakisoni, magalamu 2 kwa munthu wamkulu. Namwino amayamba wafunsa ngati mankhwala ena anamuwengapo wodwalayo, kenako amabaya n'kulemba nthawi yake. Cholakwika chofala n'chakuti mankhwala amalembedwa pafayilo koma n'kudikira nthawi yogawa mankhwala mu wodi, maola angapo n'kudutsa.

Nkhani ya diripi imafuna kusamala kwambiri. Malangizo a padziko lonse amatchula mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse m'maola atatu oyamba, ndipo kwa bamboyu amenewo ndi mamililita 1,800. Koma kafukufuku amene anachitika pa chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti odwala sepsisi amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira motsatira ndondomeko anamwalira ochuluka, 48 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi 33 mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ambiri mwa odwalawo anali ndi HIV, ndipo makina othandiza kupuma anali osowa. Mitsempha ikamachucha, madzi owonjezera amakathera m'mapapo.

Choncho madzi amaperekedwa pang'onopang'ono, mamililita 250 mpaka 500 nthawi imodzi, ndipo botolo lililonse likatha namwino amayezanso asanapachike lina. Chimene akulondola ndi BP yapakati, imene imapezeka pophatikiza nambala yapamwamba ndi yapansi kawiri n'kugawa ndi 3. Kwa bamboyu, 88 kuphatikiza 52 kawiri ndi 192, ndipo kugawa ndi 3 kukupereka 64. Cholinga ndi 65 kapena kuposerapo. Namwino akuikanso katheta kuti aziyeza mkodzo ola lililonse. Impso zogwira bwino zimatulutsa theka la mililita pa kilogalamu pa ola, kutanthauza mamililita 30 kwa wodwalayu.

Atalandira mamililita 500 oyamba, BP yakwera kufika 94/56, mtima watsika kufika 112, ndipo kupuma sikunasinthe. Izi zikulola botolo lachiwiri. Lachiwirilo litatha, BP yakhala pomwepo, koma kupuma kwakwera kufika 34, okosijeni watsika, ndipo pomvetsera kumsana mapapo onse awiri akumveka kuthetheka m'munsi. Namwino akuchepetsa diripi n'kuitananso dokotala, chifukwa madzi ayamba kuvulaza. BP ikadagwanso pamenepa, chofunika chikadakhala mankhwala ofinya mitsempha monga noradirenalini, kapena adirenalini kumene winayo kulibe, operekedwa mwa muyeso m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Ola loyamba likatha, ntchito imatembenukira ku gwero la matenda. Maantibayotiki sangathe kuchiza mafinya amene sanatulutsidwe, katheta yakale imene sinachotsedwe kapena zotsalira m'chiberekero. Kwa bamboyu gwero ndi mapapo, choncho akufunika kujambulidwa pachifuwa. Popeza ali ndi HIV ndipo wadwala kwambiri, akufunikanso kuyezedwa TB m'makhololo ndi mumkodzo, pakuti TB yofalikira m'thupi imayambitsa sepsisi mwa odwala ambiri otere m'mayiko a kuno.

Kuyeza kumapitirira pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kufikira wodwala atakhazikika. Zizindikiro zoti akupeza bwino ndi kuzindikira kumene ali, manja kufunda, mkodzo kubwerera ndi kupuma kutsika. Ngati masiku awiri adutsa osasintha, achipatala amafunsa mafunso atatu: kodi gwero linachotsedwa, kodi pali TB kapena matenda ena amene sanapezeke, nanga kodi kachilomboko sikamva mankhwala? Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mabakiteriya osamva sefitiriakisoni akhala akuchulukirachulukira m'magazi a odwala. Zikatero, zotsatira za ku labotale ndi zimene zimatsogolera posankha mankhwala ena.