Kiriyetini ndi chikhakha: kodi ufawu ungateteze minofu kuti isafote?

Tsiku lodula chikhakha anthu ambiri amatuluka m'chipatala ali ndi nkhawa yatsopano. Fupa lalumikizana ndithu, koma mwendo womwe watuluka m'chikhakhamo ndi woonda, wofooka, sukulingananso ndi unzake. Kwa wosewera mpira, wakabaza kapena mmisiri womanga nyumba, kufota kumeneku kumatanthauza masabata enanso osagwira ntchito. N'chifukwa chake achinyamata a kujimu amalangizana kuti munthu akangoikidwa chikhakha ayambe kumwa kiriyetini, ufa woyera uja omwe onyamula zitsulo amasungunula m'madzi.

Langizoli silinangochokera m'mutu, koma silinena zonse.

Kiriyetini si mankhwala achilendo m'thupi. Chiwindi ndi impso zimapanga pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo wina timamupeza mu nyama ndi nsomba. Pafupifupi yense amasungidwa m'minofu, momwe amathandiza kubwezeretsa mphamvu mwachangu pamene mnofu ukugwira ntchito yolemetsa ya masekondi ochepa, monga kunyamula thumba la simenti kapena kuthamanga mwadzidzidzi. Tsono vuto la m'chikhakha si kusowa mphamvu yotereyi. Mnofu ukaleka kukoka ndi kusenza thupi, umachepetsa kupanga mapuloteni atsopano, ndipo kufota kumayamba m'masiku oyambirira omwe, munthu asanazindikire n'komwe.

Akatswiri a payunivesite ya Leuven ku Belgium, motsogozedwa ndi Peter Hespel, adayesa nkhaniyi n'kufalitsa zotsatira mu 2001. Adatenga achinyamata 22 athanzi n'kuwaika chikhakha mwendo wakumanja kwa masabata awiri. Ena ankamwa magalamu 20 a kiriyetini patsiku, ena ufa wongofanana naye koma wopanda kanthu. Atachotsa zikhakha, mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu udali utachepa ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo mphamvu zidatsika ndi pafupifupi 25 peresenti. Izi zidachitika m'magulu onse awiri mofanana. Kusiyana kudadza pambuyo pake, m'masabata 10 a mafizo olimbitsa mwendowo: omwe ankamwa kiriyetini minofu ndi mphamvu zawo zidabwerera msanga kuposa anzawo.

Ku Netherlands mu 2017 gulu lina lidaganiza kuti mwina chinsinsi ndi kudzaza minofu chikhakha chisanaikidwe. Anyamata adamwa magalamu 20 patsiku kwa masiku asanu, kenaka n'kuvala chikhakha kwa sabata imodzi akumwabe magalamu asanu patsiku. Ntchafu zidafotabe ngati za omwe sadamwe. Ndipo tisaiwale kuti munthu wothyoka pangozi ya njinga yamoto alibe mwayi wokonzekera masiku asanu.

Omwe amalimbikitsa ufawu amatsamira kwambiri pa kafukufuku wa ku Canada wa mu 2009, yemwe adayang'ana mkono. Kumeneko mphamvu zopindira chigongono zidatsika ndi pafupifupi 21 peresenti pa sabata imodzi popanda kiriyetini, koma ndi 4 peresenti yokha pomwa magalamu 20 patsiku. Ziwerengerozi n'zokopa. Komabe anthu ake adali asanu ndi awiri basi, ndipo onse adayamba ndi ufa wopanda kanthu n'kutsiriza ndi kiriyetini, moti n'kovuta kusiyanitsa ntchito ya ufawo ndi kuzolowera mayeso. Ine ndimauona ngati chiyembekezo kwa wothyoka mkono, osati lonjezo. Dziwaninso kuti m'kafukufuku yenseyu adali anthu osavulala, ovala chikhakha sabata imodzi kapena awiri, pamene fupa la munthu wamkulu nthawi zambiri limafuna masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira.

Chomwe chikuoneka poyera n'chakuti kiriyetini amathandiza mnofu womwe ukugwira ntchito. Ngakhale kulowa kwake m'mnofu kumachuluka mnofuwo ukamachita masewera. Iye samanga mnofu payekha. Amangomupatsa munthu mphamvu yobwereza kukoka kena kawiri kapena katatu pamwamba pa momwe akadathera, ndipo kubwerezako ndiko kumamanga mnofu.

Tiyerekeze mnyamata wosewera mpira yemwe wathyoka fupa la pamwamba pa kakolo, ndipo amuuza kuti akhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Wadzimana n'kugula chitini chimodzi cha magalamu 300. Akatsatira za kujimu, magalamu 20 patsiku kuyambira tsiku loyamba, chitinicho chitha pa masiku 15, mwendo ukadali m'chikhakha, ndipo tsiku loyamba mafizo limupeza alibe kanthu. Koma minofu imadzaza ndithu ngakhale ndi magalamu atatu okha patsiku, kungoti zimatenga pafupifupi masiku 28. Choncho akadikira masabata awiri oyamba, nthawi yomwe kutupa kukutsika ndipo akumwa mankhwala opha ululu, n'kuyamba ndi magalamu atatu patsiku, adzagwiritsa magalamu 84 pofika tsiku lodula chikhakha. Otsalawo, pa magalamu asanu patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi yodzaza, amukwanira masabata ena asanu ndi limodzi a mafizo. Ndondomeko imeneyi ndiyo ndingamulangize, chifukwa ikuika ufawo pomwe umboni uli wolimba. Agule wa mtundu wa monohaidireti, yemwe ndiye adayesedwa m'kafukufuku yenseyu ndiponso ndi wotsika mtengo, amwere limodzi ndi chakudya.

Sikelo isamupusitse. Kiriyetini amakokera madzi m'minofu, moti munthu akhoza kulemera ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo m'masiku ochepa, makamaka pomwa magalamu 20, omwenso ena amawatsegula m'mimba akamwera pakamodzi. Muyeso wabwino ndi tepi ya telala: kuyeza ntchafu zonse ziwiri pamalo amodzimodzi pamwamba pa bondo sabata iliyonse, ndi kuwerenga kuti mwendowo ukukweza kangati katundu yemweyo.

Pali anthu omwe sayenera kuyamba okha. Kwa wamkulu wa impso zabwino, magalamu atatu mpaka asanu patsiku saonetsa vuto. Koma wodwala impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, womwa ma ARV okhala ndi tenofoviya monga ambiri kuno kwathu, ngakhalenso yemwe akumwa bulufeni kapena dikilofenaki tsiku ndi tsiku chifukwa cha ululu wa fupa, afunse kaye adokotala, pakuti zonsezi zimakhudza impso. Wokayezetsa magazi anene kuti akumwa kiriyetini, chifukwa ufawu ungakweze chiwerengero chomwe achipatala amaonera thanzi la impso ngakhale impsozo zili bwino. Mwana ndi mayi woyembekezera asapatsidwe popanda adokotala. Ndipo chikhakha chikayamba kuthina, zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, ululu n'kumakula, musanene kuti ndi madzi a kiriyetini. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Wopanda ndalama ya chitini sanataye zambiri. Kukunga mnofu m'kati mwa chikhakha osasuntha fupa, ngati a mafizo avomereza, kumaupatsa ntchito yomwe ukusowa. Kulimbitsa mkono kapena mwendo wabwinowo kumathandizanso: ku Saskatchewan mu 2009, anthu omwe ankalimbitsa dzanja lamanja pomwe lamanzere lili m'chikhakha kwa masabata atatu adasunga mphamvu za lomangidwalo, chifukwa ubongo umapitiriza kuphunzira kulamula mbali zonse ziwiri. Pambale pasasowe ndiwo zomanga thupi pa chakudya chilichonse, kaya ndi usipa, mazira, nyemba kapena soya, pakuti munthu wongokhala amachepetsa kudya pamene fupa ndi mnofu zikufuna mapuloteni ochuluka. Ndalama ikakhala yokwanira chimodzi chokha, chitini kapena thiransipoti yopitira ku mafizo, isankhidwe thiransipoti.