Paipi Yoyenera Kuikulitsa Ndi Iti? Masamu Amene Anabadwira pa Njanji za ku Soviet Union

M'chaka cha 1955, ku bungwe la RAND ku California m'dziko la Amereka, katswiri wa masamu T. E. Harris ndi mkulu wa asilikali wopuma pantchito F. S. Ross analemba lipoti lachinsinsi lonena za njanji za dziko la Soviet Union ndi maiko a kummawa kwa Ulaya. Pamapu awo panali malo 44 olumikizidwa ndi njira 105, ndipo pa njira iliyonse analembapo kuchuluka kwa katundu amene ingathe kunyamula. Iwo sankafuna kuthandiza adani awo kuyendetsa bwino sitima. Ankafuna kudziwa njanji zoti ataziphwanya pankhondo, katundu asiyiretu kuyenda. Anapeza kuti katundu wochuluka kwambiri amene akanadutsa anali matani 163,000, ndiponso kuti panali njanji zingapo zonyamula matani 163,000 omwewo zimene zikanagawa mapu onse pawiri. Lipotilo linakhala lobisika mpaka mu 1999.

Kufanana kwa manambala awiriwa sikunangochitika mwamwayi. Mu 1956 anzawo awiri a ku bungwe lomwelo, Lester Ford ndi Delbert Fulkerson, anasonyeza kuti zimakhala choncho nthawi zonse, kaya ndi pa njanji, pa misewu kapena pa mapaipi. Njira imene anapeza yowerengera ndi yoti munthu angaitsate ndi pensulo, choncho tiyeni tiiyese.

Tinene kuti pali thanki paphiri ndi tauni kumunsi, ndipo pakati pali mphambano ziwiri za mapaipi, A ndi B. Paipi yochoka pathanki kupita pa A imanyamula malita 8 pa sekondi, yopita pa B malita 10. Yochoka pa A kulowa m'tauni imanyamula 9, yochoka pa B imanyamula 7. Palinso kapaipi kodutsa pakati, kochoka pa A kupita pa B, konyamula 5. Malamulo ndi awiri okha: paipi siipitirira muyezo wake, ndipo madzi onse olowa pamphambano ayenera kutulukapo. Kodi tauni ingalandire malita angati pa sekondi?

Wopupuluma anena kuti 18, poti ndiwo angatuluke m'thanki. Wina anena kuti 16, poti ndiwo angalowe m'tauni. Onse awiri alakwa.

Timayamba mapaipi ali ouma, n'kufunafuna njira iliyonse yochoka pathanki kukafika m'tauni imene mapaipi ake onse akadali ndi mpata. Imeneyi ndiyo njira yoonjezera. Tikatenga yodzera pa A, kenako pa B, mpaka m'tauni, paipi yopanikiza ndi kapaipi kapakati, ndiye tikankhamo malita 5. Kachiwiri tidzere pa A n'kulunjika m'tauni: paipi ya 8 ija yatsala ndi mpata wa 3, tikankhamo 3. Kachitatu tidzere pa B: paipi ya 7 yatsala ndi 2, tikankhamo 2. Onse pamodzi akwana 10, ndipo zikuoneka ngati tafika pamapeto. Paipi yopita pa A yadzaza. Yopita pa B ili ndi mpata wa 8, koma madziwo akafika pa B alibe kotulukira.

Apa ndi pamene pagona nzeru yonse. Ford ndi Fulkerson analola kuti pofunafuna njira, munthu aziyendanso chobwerera m'paipi imene muli kale madzi. Sikuti madziwo akwera phiri ayi. Tanthauzo lake ndi lakuti tikubweza ena mwa amene tinawatumiza molakwika. Onani: kuchoka pathanki kufika pa B mpata ndi 8. Kuchoka pa B kubwerera pa A tingabweze 5 amene ali m'kapaipi kapakati. Kuchoka pa A kulowa m'tauni mpata ndi 6. Nambala yaing'ono pa zitatuzi ndi 5. Chimene chikuchitika kwenikweni n'chakuti malita 5 amene A ankapatsa B tsopano alunjika okha m'tauni, ndipo malo amene asiya pa B atengedwa ndi madzi atsopano ochokera m'thanki. Tauni ikulandira 15, kapaipi kapakati kauma.

Nanga tidziwa bwanji kuti 15 ndiye mapeto, osati tangokakamiranso ngati poyamba paja? Tiyambirenso pathanki ndi kuika chizindikiro pamalo aliwonse amene tingafikebe. Pa B tifika, poti paipi yake yanyamula 7 mwa 10. Pa A sitingafike: paipi yake yadzaza, ndipo m'kapaipi kapakati mulibenso madzi oti n'kubweza. Tsopano tijambule mzere wolekanitsa thanki ndi B mbali imodzi, A ndi tauni mbali inayo. Mapaipi owoloka mzerewo kulowera ku tauni ndi awiri, ya 8 ndi ya 7, ndipo kuphatikiza kwake ndi 15. Kapaipi kapakati sitikawerengera chifukwa kamawoloka kulowera kumbali ya thanki. Dontho lililonse lofika m'tauni liyenera kuwoloka mzere umenewu, choncho palibe luso limene lingadutsitse oposa 15. Mzere wotere ndiwo amautcha kudula kochepetsetsa, ndipo njira zoonjezera zikatha umangoonekera wokha.

Kwa ine, mzerewu ndi wopindulitsa kuposa nambala ya 15 yeniyeniyo, chifukwa umatiuza koyenera kuika ndalama. Kukulitsa paipi yochoka pathanki kupita pa B n'kutaya ndalama, ngakhale mutaiwirikiza kawiri. Kukulitsa yopita pa A kungothandiza ndi lita imodzi, popeza paipi ya 9 yakutsogolo kwake idzaza pomwepo. Koma mukakulitsa ya B yolowa m'tauni kuchoka pa 7 kufika pa 10, tauni ilandira 18. Mukaipitiriza pamenepo simupindulanso kanthu, chifukwa mpanipani wasamukira kuthanki. Wokonza misewu amene wakulitsa mlatho n'kuona mzere wa magalimoto utangosunthira pamphambano yotsatira wakumana ndi zomwezi.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Mukamasankha njira mwachisawawa, ntchito ingathe kutalika mopanda nzeru. Tinene kuti mapaipi anayi akuluakulu aja aliyense akunyamula 1,000,000 ndipo kapakati kakunyamula 1. Ngati ulendo uliwonse mudzera m'kapaipiko, kamodzi kupita kenako kubwerera, muzioonjezera lita imodzi yokha, ndipo mudzabwereza ka 2,000,000 ntchito yotha maulendo awiri. Yefim Dinitz wa ku Soviet Union mu 1970, komanso Jack Edmonds ndi Richard Karp mu 1972, anasonyeza mankhwala ake: nthawi zonse sankhani njira yodutsa m'mapaipi ochepa kwambiri. Mukatero, kutalika kwa ntchito kumadalira kuchuluka kwa mapaipi ndi mphambano, osati kukula kwa manambala.

Chinanso n'chakuti madzi enieni samvera pensulo. Amatsata mphamvu yowakankha ndi kutsetsereka kwa malo, ndipo kuti agawikane monga tawerengera pamafunika mavalavu ndi mapampu. Paipi ikamadontha, lamulo loti olowa pamphambano atuluke onse laphwanyika. Pamsewu napo, magalimoto akathithikana kwambiri, odutsa pa ola amachepa, ndiponso dalaivala aliyense amasankha yekha kodzera. Choncho nambala imene masamuwa amapereka ndi malire apamwamba, osati lonjezo. Ngati mapu akunena 15 koma mita yakumapeto ikuonetsa 11, musathamangire kugula paipi yaikulu. Yambani mwafufuza podontha kapena valavu yotsekedwa.