Kusankha Coyamba Pamene Eni Nchito Sagwirizana

Madzulo ano tikambirana za bvuto limene limagwera mmisiri ali yense wopangira anthu ambiri cinthu cimodzi. Anthuwo amafuna zosiyana, nthawi ndi ndalama n'zocepa, ndipo mmisiri ayenera kudziwa cimene angayambe naco.

Tiyerekeze kuti m'komboni ina ya ku mgodi muli bungwe la anthu 20 osunga ndalama pamodzi ndi kubwerekana. Mwa iwo 9 ndi amuna ogwira nchito mu mgodi, 7 ndi amai ogulitsa pa msika, ndipo 4 ndi akulu amene anayambitsa bungwelo. Buku lao lang'ambika ndipo mikangano yacuruka, motero apempha mtsikana wina wophunzira za makompyuta kuti awapangire pulogalamu ya pa foni. Mtsikanayo ali ndi milungu 6 yokha asanabwerere ku sukulu.

Akalakwa poyambira, adzaitana onse pa msonkhano nafunsa kuti, "Mufuna ciani?" Pamenepo adzamva mau a anthu atatu kapena anai okhala ndi makosi akuru, ndipo amai ambiri adzakhala cete pamaso pa akulu. Njira yabwino ndiyo kuceza ndi gulu liri lonse pa lokha, amai pa msika, amuna atatuluka ku shifiti. Funso lace likhalenso lina: "Tandiuzeni za tsiku lotsiriza limene zinthu zinabvuta." Munthu womufunsa cimene afuna amachula cimene anaona kwa mnzace, koma womufunsa za bvuto amanena cimene cinamupweteka. Mai wina adzati anapereka ndalama koma sizinalembedwe. Mwamuna wina adzati analipitsidwa cindapusa cifukwa tsiku la msonkhano anali pansi mu mgodi.

Cosowa ciri conse cilembedwe pa khadi lace, m'mau ocepa, ndi cithunzi cothandiza osadziwa kuwerenga. Makhadi onena cinthu cimodzi aphatikizidwe, pakuti cosowa cimodzi cikalembedwa pawiri cimasokoneza ciwerengero. Tinene kuti patsala makhadi atatu. Loyamba ndi Kulipira, kuti munthu apereke ndalama pa foni osafika ku msonkhano. Laciwiri ndi Ngongole, kuti wobwereka aone zimene zatsala pamodzi ndi ciwongoladzanja. Lacitatu ndi Risiti, kuti ali yense alandire uthenga wotsimikiza ndalama zimene wapereka.

Tsono akawauza kuti akweze manja, amuna 9 adzasankha Kulipira, amai 7 Ngongole, akulu 4 Risiti. Kulipira kwapambana, ndipo ambiri angati nkhani yatha. Koma kukweza manja kumangofunsa cimene munthu akonda koposa. Sikufunsa cimene angalole pambuyo pace, kapena cimene alibe naco nchito. Apa mpamene masamu ang'ono amathandiza.

Munthu ali yense apatsidwe nyemba 6, nalowe yekha m'cipinda momwe muli makhadi, liri lonse ndi cibekete cace cotseka. Aike nyemba 3 pa cimene afuna koposa, 2 pa cotsatira, ndi imodzi pa cotsiriza. Njira iyi imachedwa ndi dzina la Borda, katswiri wa masamu wa ku France amene anaifotokoza m'caka ca 1770 monga njira yosankhira anthu pa maudindo.

Tiyeni tiwerenge pamodzi; amene muli ndi pensulo lembani. Amuna 9 aika Kulipira patsogolo, Risiti pakati, Ngongole pambuyo. Amai 7 aika Ngongole, Risiti, Kulipira. Akulu 4 aika Risiti, Ngongole, Kulipira. M'cibekete ca Kulipira mugwa nyemba 27 za amuna, 7 za amai ndi 4 za akulu, zonse 38. M'cibekete ca Ngongole mugwa 9, 21 ndi 8, zonse 38 kaciwiri. M'cibekete ca Risiti mugwa 18, 14 ndi 12, zonse 44. Pamodzi zikwana 120, ndiye anthu 20 ndi nyemba 6 ali yense. Zikapanda kukwana cotero, pali amene waonjeza kapena kubisa nyemba, ndipo muyenera kuyambanso.

Taonani tsopano: Risiti, amene pa kukweza manja anali wotsiriza, ndiye wapambana, pakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuika pambuyo, pamene Kulipira anakuika pambuyo anthu 11. Nanga ziwiri zofanana zija? Ziikeni ziwirizo zokha pa tebulo, mufunse kuti pakati pa izi citsogole nciti. Amai ndi akulu, anthu 11, asankha Ngongole, ndipo amuna 9 asankha Kulipira. Mndandanda wathu ukhala Risiti, Ngongole, Kulipira.

Njira iyi iri ndi malo ace ofooka, ndipo ocenjera sacedwa kuwaona. Tinene kuti amuna aja apangana usiku kuti, popeza Risiti ndiye angawapose, amuike pambuyo dala, nakweza Ngongole pakati. Risiti atsika kufika 35, Kulipira kukhalabe pa 38, koma Ngongole ikwera kufika 47. Ndi cinyengo cao apambanitsa cimene iwo sanacifune konse. Pano cenjerero lawabwerera, koma sikuti limabwerera masiku onse. Cizindikiro cace ndi ici: nyemba zikanena zosemphana ndi zimene anthu ananena poceza, monga cinthu cimene ambiri anadandaula naco kupezeka ndi nyemba zocepa, mmisiri abwerere akafunsenso. Ndi cifukwa cace kuceza kumayamba, nyemba pambuyo.

Palinso zinthu zimene siziyenera kulowa m'mpikisano wa nyemba. Msungi wa cuma ndi munthu mmodzi, ndipo iye apempha kuti zolembedwa zisungidwe pa malo awiri, kuti foni ikabedwa mbiri ya ndalama isatayike. Nyemba zace zitatu sizingapose za anthu 19, komatu popanda ici pulogalamu yonse ingathe tsiku limodzi. Muyeso wace ndi funso ili: cinthu ici cikasowa, kodi nchito ingayende? Yankho likakhala iai, cimeneco cipangidwe popanda kuponya nyemba. Koma mmisiri aumirire pa muyesowo, cifukwa ali yense adzanena kuti cace ndico cosati n'kusowa. Kulipira pa foni n'kwabwino, koma bungwe lakhala likuyenda popanda iko.

Nyemba sizidziwanso mtengo wa nchito. Zimenezo adziwa ndi mmisiri. Tinene kuti kusunga zolembedwa kudya mlungu umodzi, Risiti milungu 2, Ngongole 3, Kulipira 5. Zitatu zoyambazo zikwana bwino m'milungu 6. Akadatsata kukweza manja, Kulipira kukadatenga nthawi yonse yotsala, ndipo anthu 11 akadatsala opanda kanthu.

Koma amuna 9 aja akali ndi bvuto lao lenileni, ndipo akakhumudwa n'kucoka, thumba la bungwe licepa. Mtsikanayo awaonetse ciwerengero conse poyera, awauze kuti Kulipira ndiko kudzayamba akadzabweranso pa chuti, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku la misonkhano. Pakali pano bungwe lingalole kuti wa shifiti atume mkazi wace kapena mnzace ndi ndalama popanda cindapusa, popeza uthenga wa risiti udzafika pa foni yace atangotuluka mu mgodi.