Kalata ya ahedi ikalowa mufoni

Kalata yochokera kusukulu imayenda ulendo wovuta isanafike kwa kholo. Imachoka muofesi ya ahedi ili ndi chidindo ndi siginecha, mwana n'kuipinda kanayi, n'kuilowetsa m'kope la masamu. Ikapulumuka mvula yam'njira imatha kugona m'chikwama sabata yathunthu, ndipo mayi amadzaipeza tsiku lochapa yunifolomu, msonkhano utapita kale. N'chifukwa chake masukulu ambiri tsopano amatumizanso uthenga wa pafoni. Koma kalata ya tsamba lathunthu singalowe yonse m'kafoni ka mabatani. Wina ayenera kuidula, kaya ndi achiwiri kwa ahedi, mphunzitsi wa kalasi kapena mlembi wa komiti, ndipo podulapo ndi pamene zinthu zimasokonekera.

Tiyeni titenge kalata yongoyerekeza, ya mtundu umene makolo a ana okonzekera mayeso a MANEB amaudziwa bwino. Sukuluyo tingoitcha ya Uje.

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana, ndikupereka moni m'malo mwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu. Monga mukudziwa, maphunziro a mwana amayenda bwino makolo ndi aphunzitsi akamagwirira ntchito limodzi. Pachifukwa ichi, makolo a ana a Sitandade 8 akupemphedwa kufika ku msonkhano wokambirana za mayeso Lachisanu pa 14 Febuluwale, nthawi ya 2 koloko masana. Popeza denga la chipinda chimene timakumaniramo linasasuka ndi mphepo, msonkhanowu udzachitikira ku holo ya tchalitchi. Kholo lenilenilo kapena womulera mwana ndi amene afike, osatuma mwana mnzake. Tikukumbutsanso kuti K2,000 imene tinagwirizana yosindikizira mayeso oyeserera iperekedwe kwa msungichuma wa komiti pofika pa 21 Febuluwale, ndipo wopereka alandire lisiti. Amene anapereka kale asaperekenso. Dziwaninso kuti pa tsiku la msonkhanoli ana a makalasi onse adzaweruka 11 koloko m'mawa. Ine wanu pa maphunziro, Mphunzitsi wamkulu."

Kalatayi ilibe vuto. Moni, ulemu ndi zifukwa zili m'malo mwake, monga kalata ya muofesi iyenera kukhalira. Nayi tsopano mmene munthu wofulumira amaifupikitsira, atangoiwerenga kamodzi:

"Makolo nonse mukuitanidwa ku msonkhano mawa 2 koloko. Bwerani ndi K2,000. Chonde musalephere. Zikomo."

Uthengawu ndi waufupi, ndi waulemu, ndipo pongouona umaoneka wokwanira. Koma tiuyese pa anthu enieni. Mayi wa mwana wa Sitandade 3 wasiya geni yake kumsika n'kupita ku msonkhano umene sukumukhudza, chifukwa "a Sitandade 8" asanduka "nonse". Bambo wina wafika kusukulu nthawi yabwino n'kupeza zitseko zotseka, poti holo ya tchalitchi sinatchulidwe. Agogo amene analipira mwezi watha akakongolanso ndalama poganiza kuti ndi chopereka chatsopano. Kholo limene linali ndi sabata ina yoti lisake ndalamayo lauzidwa kuti libwere nayo mawa, ndipo poti lilibe, langokhala pakhomo ndi manyazi. Pamenepa uthenga wathamangitsa munthu amene ahedi amamufuna kwambiri pa msonkhanowo. Za kuweruka 11 koloko sizinamveke n'komwe, choncho ana aang'ono akapeza kunyumba kokhoma.

Wofupikitsayo sananame pena paliponse mwadala. Anasunga mitu ikuluikulu, msonkhano ndi ndalama, n'kutaya timawu timene timaika malire: ndani akukhudzidwa, ndani sakukhudzidwa, mpaka liti, ndipo chasintha n'chiyani. M'kalata za muofesi timawu totere timakonda kubisala chakumapeto kwa ndime, pamene maso atopa kale. Moni ndi mawu oyamba ndiwo amaonekera kwambiri, chonsecho ndi amene angachoke popanda wina kuvutika.

Ndiye ntchito yeniyeni siyambira pafoni. Imayambira pa kalatayo, cholembera chili m'manja. Werengani mukudzifunsa funso limodzi pa chiganizo chilichonse: kholo likapanda kumva ichi, lichita cholakwika? Likakhala yankho lakuti inde, chongani. Zakuti makolo ndi aphunzitsi azigwirira ntchito limodzi n'zoona, koma palibe amene asochere posazimva. Zakuti denga linasasuka n'zongofotokoza chifukwa. Chimene kholo likufunika ndi malo atsopanowo. Mukamaliza kuchonga mupeza kuti kalata imodziyi yanyamula nkhani zitatu, za anthu osiyana ndi masiku osiyana: msonkhano, ndalama ndi kuweruka msanga. Ine ndimaona kuti kuzipanikiza zonse mu uthenga umodzi ndiko kulakwa kofala kwambiri. Nkhani iliyonse ipatsidwe uthenga wake.

Woyamba upite kwa makolo a Sitandade 8 okha:

"Sukulu ya Uje: Makolo a Sitandade 8, msonkhano wa mayeso ndi Lachisanu 14 Feb, 2 koloko masana, ku holo ya tchalitchi, osati kusukulu. Musatume mwana. Ahedi"

Dzina la sukulu lili kutsogolo chifukwa khomo limodzi limatha kukhala ndi ana m'masukulu awiri kapena atatu, komanso nambala yotumizayo mwina kholo silinaisunge. Tsiku lalembedwa pawiri, dzina lake ndi deti yake. Wina angati n'kuwononga malo, koma anthu ambiri amakumbukira "Lachisanu" kuposa "14", ndipo ziwirizi zikayendera limodzi cholakwika chimaonekera msanga: wolemba akaphonya deti, wina adzafunsa kuti nanga bwanji sizikugwirizana ndi kalendala. "Mawa" ndiye asapezekemo n'komwe. Kumudzi foni imatha kukhala yozima masiku awiri podikira kukatchajitsa, ndipo uthenga umalowa ikayatsidwa. Wina amautumiza kwa mnzake tsiku lotsatira. Pofika pamenepo "mawa" uja akuloza tsiku lina.

Palinso mawu awiri amene m'kalata munalibe, "osati kusukulu". Amenewa sakuwonjezera mfundo yachilendo, akungotsindika chimene chasintha. Munthu amene wakhala akupita ku misonkhano pamalo amodzi kwa zaka zisanu ndi ziwiri sawerenga malo. Miyendo imangomutengera kumene inazolowera. Chilichonse chosiyana ndi chizolowezi chimafunika kunenedwa mokweza.

Wachiwiri ndi wa ndalama:

"Sukulu ya Uje: K2,000 ya mayeso oyeserera a Sitandade 8 iperekedwe kwa msungichuma pofika 21 Feb. Tengani lisiti. Amene munapereka kale musaperekenso. Ahedi"

Apa m'pofunika kusamala kuposa pena paliponse. Ndalamayo, ntchito yake, woilandira ndi tsiku lomaliza zichoke m'kalata monga zilili. Wofupikitsa asaganize zothandiza makolo poikapo nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba ngati kalata sinanene zimenezo. Anthu atopa ndi mauthenga a akuba onena kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", ndipo sukulu ikazolowetsa makolo kulipira pa nambala yobwera mu uthenga, yatsegulira chitseko wakuba amene adzalembe mofananamo mawa. Chimodzimodzinso mawu oopseza. Kalata sinanene kuti wosalipira sadzalemba mayeso, ndiye uthenga usanene, ngakhale wolembayo akuona kuti zingafulumizitse anthu. Uthengawo ukupita m'dzina la ahedi, ndipo adzayankhe mafunso ndi iwowo. Pachifukwa chomwecho, auone asanautumize.

Wachitatu ndi wa aliyense, ndipo suvuta:

"Sukulu ya Uje: Makolo nonse, Lachisanu 14 Feb ana onse adzaweruka 11 koloko m'mawa chifukwa cha msonkhano. Ahedi"

Mauthenga awiri oyambawo ali ndi zilembo 156 uliwonse, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe. Sizinangochitika. Uthenga umodzi wamba wa pafoni umanyamula zilembo 160. Ukapyola, foni imaugawa m'zigawo za zilembo 153, ndipo chigawo chilichonse chimawerengedwa ngati uthenga pachokha. Kwa munthu mmodzi n'zochepa, koma wotumizira makolo ambirimbiri mayunitsi kapena bandulo yake imatha kawiri msanga. Mafoni ambiri amalumikiza zigawozo bwinobwino, koma netiweki ikamavuta china chimatha kuchedwa, kholo n'kuwerenga theka.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka olemba Chichewa. Malire a 160 aja amagwira ntchito pokhapokha zilembo zonse zikhale za m'gulu wamba limene mauthengawa anapangidwira. Chilembo cha ŵ mulibe m'gululo. Mulibenso tizithunzi ta nkhope zoseka ndi manja opemphera, ngakhalenso kachizindikiro kopindika kamene pulogalamu yolembera makalata pakompyuta imaika yokha m'mawu monga m'mawa ndi n'chifukwa. Kowongoka, kotere ', n'kololedwa. Kopindika, kotere ’, ayi. Chimodzi chokha mwa izi chikalowa, malire amatsika kufika pa 70, ndipo zigawo zimakhala za zilembo 67. Uthenga wathu wa 156 uja umasanduka mauthenga atatu. Zimachitika kawirikawiri munthu akakopera mawu kuchokera m'kalata ya pakompyuta. Mafoni ambiri amaonetsa kanambala pafupi ndi polembera, kosonyeza zilembo zotsala ndi kuchuluka kwa zigawo. Mukaona katsika mwadzidzidzi, fufuzani chilembo chachilendo. Mafoni ena m'malo mogawa amangochisintha chilembocho kapena kuika chizindikiro cha funso.

Pa WhatsApp malire otere kulibe, ndipo ena amangojambula kalatayo n'kuiponya pagulu la makolo. Chithunzicho n'chabwino ngati umboni, poti chidindo chikuoneka, koma chimafuna bandulo kuti chitseguke, ndipo zilembo zake zimachepa pa foni yong'aluka galasi. Pagulu pamakhalanso phokoso: pakangotha ola, chidziwitso chakwiriridwa ndi ma "zikomo" ndi ma "tamva". Ndi bwino kuika uthenga waufupi womwe uja, chithunzi chikhale chotsatira. Mayina a amene sanalipire asaikidwe pagulu. Ameneyo ndi mwana amene mawa adzasekedwa m'kalasi. Ndipo makolo amene sali pagulupo, kapena amene amadalira mwana kuwawerengera, akadalipo ambiri, choncho kalata ya pepala ndi kulengeza pa asembule sizinathe ntchito.

Uthenga usanapite, upatseni munthu amene kalatayo sanaione, kaya ndi mlonda kapena mayi wophika phala, ndipo mumufunse: mupite kuti, liti, ndi chiyani, nanga inuyo zikukukhudzani? Akayamba ndi "ndiye kuti mwina...", pamenepo pali mfundo imene yatsalira m'kalata. Mukakonza, bwererani ku kalata ija muone ngati chilichonse munachonga chapezeka mu umodzi mwa mauthengawo, makamaka manambala, chifukwa K2,000 ndi K20,000 zimangosiyana ndi chala kuterereka kamodzi.