Chingwe sichifupika, koma samalani pampendero

Mbuzi yomangidwa pachikhomo imadya msipu pokhapokha pamene chingwe chafika. Pakutha pa tsiku mumapeza bwalo lozungulira lometedwa bwino, chikhomo chili pakati, udzu wa kunja uli chiimire. Akatswiri a masamu ali nacho chingwe chotere, ndipo utali wake amautcha rediyasi.

Nkhaniyi ikukhudza mndandanda wa mapawa, womwe ndi kuphatikiza kopanda mapeto. Tengani uwu:

1 + x + x² + x³ + …

Tikaika theka pamene pali x, tikupeza 1 + 0.5 + 0.25 + 0.125 ndi kupitirira. Chiwalo chilichonse ndi theka la chinzake cha m'mbuyo, ndipo zonse pamodzi zikuyandikira 2 osaipyola. Apa timati mndandanda wakhazikika. Koma tikaikapo 2, tikupeza 1 + 2 + 4 + 8, nambala zongokulirakulira zopanda pofikira. Mndandandawu umakhazikika x akakhala pakati pa −1 ndi 1, ndipo m'menemo yankho lake ndi 1/(1 − x). Chikhomo chili pa 0, chingwe ndi chotalika 1.

M'kalikulasi muli ntchito ziwiri zikuluzikulu. Difarenshiyeshoni imayesa liwiro limene chinthu chikusinthira, pamene intigireshoni imaunjika tizidutswa kuti tipeze chonse, ndipo iliyonse imamasula zimene inzake yamanga. Pa chiwalo chimodzi ntchitozi n'zosavuta. Pochita difarenshiyeshoni, pawa imatsika kudzakhala kutsogolo n'kuchepa ndi 1, choncho x³ amasanduka 3x². Pochita intigireshoni, pawa imakwera ndi 1 ndipo timagawa ndi pawa yatsopanoyo, choncho x³ amasanduka x⁴/4. Funso n'lakuti, ziwalo zikakhala zosatha, kodi tingazigwire chimodzichimodzi, yankho n'kukhalabe loona? Nanga chingwe chija chifupika kapena chitalika?

Yankho ndi lakuti m'kati mwa bwalo tingatero popanda mantha, ndipo rediyasi sisintha ngakhale pang'ono. Tiyese. Difarenshiyeshoni ya mndandanda wathu ikupereka

1 + 2x + 3x² + 4x³ + …

ndipo ya 1/(1 − x) ikupereka 1/(1 − x)². Pa theka, yachiwiriyi ndi 4. Ziwalo zisanu ndi chimodzi zoyamba ndi 1, 1, 0.75, 0.5, 0.3125 ndi 0.1875, zomwe pamodzi zikukwana 3.75. Zotsalazo zikutsekera pang'onopang'ono mpata wofikira pa 4.

Munthu angakayikebe. Nambala za kutsogolozi, 2, 3, 4, zikukula kosalekeza, ndiye zingalephere bwanji kusokoneza zinthu? Tiyandikire kumpendero, tiike 0.9. Poyamba ziwalo zikukuladi: 1, kenako 1.8, kenako 2.43, mpaka chachikhumi chifika pafupifupi 3.87. Kuchoka apo ziyamba kutsika, ndipo cha nambala 100 chili pafupifupi 0.003 basi. Mndandanda wonse ukukhazikika pa 100.

Chinsinsi chagona pa kusiyana kwa kuwonjezera ndi kuchulukitsa. Nambala ya kutsogolo ikachoka pa 100 kufika pa 101, yakula ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Pa sitepe yomweyo, pawa yadula chiwalocho ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo imadula motero nthawi zonse osatopa. Tikamapita kutali, mphamvu ya nambala ya kutsogolo imanka izilala, pamene ya pawa ili chimodzimodzi. Kunja kwa bwalo ndi momwemonso: pawa ikamakula, kugawa ndi 100 kapena 101 sikungaiweze. N'chifukwa chake difarenshiyeshoni sifupikitsa chingwe, ndipo intigireshoni sichitalikitsa.

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pampendero penipeni, pomwe chingwe chakungika. Lamulo lija silinena kanthu za malo amenewa. Tisinthe chizindikiro cha x kuti tipeze

1/(1 + x) = 1 − x + x² − x³ + …

Pa x = 1, mndandandawu ndi 1 − 1 + 1 − 1, womwe ukungodumphadumpha pakati pa 1 ndi 0. Pa x = −1 ndi 1 + 1 + 1, wongokula. Mbali zonse ziwiri zakanika. Tsopano tichite intigireshoni:

ln(1 + x) = x − x²/2 + x³/3 − x⁴/4 + …

Intigireshoni imabwera ndi nambala yokhazikika imene tiyenera kuipeza patokha. Pano ndi 0, chifukwa tikaika x = 0 mbali zonse zikupereka 0. Mndandanda wa logarizimu umenewu anausindikiza Nicholas Mercator m'chaka cha 1668. Rediyasi yake ikadali 1, koma taonani pa x = 1: tikupeza 1 − 1/2 + 1/3 − 1/4, ndipo uwu ukukhazikika pafupifupi pa 0.693, yemwe ndi ln 2. Malo amene anali otsekeka atseguka, chifukwa kugawa kuja kwachepetsa ziwalo ndipo zizindikiro zikusinthanasinthana. Amene anatsimikiza kuti yankho la pampendero, likakhalapo, limagwirizana ndi la m'kati ndi Niels Henrik Abel wa ku Norway, m'chaka cha 1826.

Mbali inayo sinatseguke. Pa x = −1 ziwalo zonse zili ndi chizindikiro chimodzi, ndipo kukula kwake ndi 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 ndi kupitirira. Zikuchepa ndithu, koma mochedwa. Nicole Oresme wa ku France anaonetsa izi m'zaka za m'ma 1300 poziika m'magulu: 1/3 ndi 1/4 pamodzi zikuposa theka, zinayi zotsatira zikuposanso theka, zisanu ndi zitatu zotsatira chimodzimodzi. Matheka osatha sangakhale ndi pofikira.

Choncho intigireshoni ingatipatse mpendero, ndipo difarenshiyeshoni ingatilande. Tikabwerera kuchoka pa mndandanda wa logarizimu, malo a x = 1 aja atayika.

Mpendero wopindulawu ndi umene unabala mndandanda wotchuka wa π. Intigireshoni ya 1 − x² + x⁴ − … imapereka x − x³/3 + x⁵/5 − …, ndipo pa x = 1 yankho ndi π/4. Madhava wa ku Kerala m'dziko la India ankaudziwa cha m'ma 1400, James Gregory ndi Gottfried Leibniz asanaupeze paokha m'zaka za m'ma 1670. Koma pampendero zinthu zimayenda ngati nkhono. Ziwalo zisanu zoyamba, tikachulukitsa ndi 4, zikupereka 3.34 m'malo mwa 3.14.

Kunja kwa bwalo kulibe chifundo. Makina owerengera akuuzani kuti ln 3 ndi pafupifupi 1.0986, koma mukaika x = 2 mu mndandanda wa Mercator mupeza 2 − 2 + 2.67 − 4 + 6.4, ziwalo zikukulirakulira. Chimenecho ndi chizindikiro choti mwadula chingwe, pakuti ziwalo zikapanda kutsikira ku 0, mndandanda sungakhazikike.

Ndiye inu amene mukukonzekera mayeso, rediyasi ipezeni kamodzi kokha ndipo musatayenso nthawi kuiwerenga. Nthawiyo muisungire mbali ziwiri za mpendero: mukangochita difarenshiyeshoni kapena intigireshoni, ikani nambala zonse ziwiri mu mndandanda watsopanowo, muziyese payokhapayokha.